Foni yamasulira, koma musatumize kaye

Sipatha sabata popanda munthu kundiimitsa pa msika wa pa boma kapena kundilembera usiku kuti, "Aphunzitsi, tandionereni, foni yamasulira bwino apa?" Ndinaphunzitsa Chingerezi ku sekondale zaka zambiri, ndipo chipumireni pa ntchito ndine mlembi wa kalabu yathu ya alimi a mpunga kuno ku Nkhotakota, mbali ya ku Bua. Makalata a ogula, a mabungwe, a obwereketsa ndalama, onse amabwera m'Chingerezi. Kale ankadikira ine. Masiku ano mnyamata aliyense wa foni yaikulu amangouponya uthengawo mu pulogalamu yomasulira, Chichewa n'kutuluka, iye n'kuchikankhira pa gulu la WhatsApp. Sindikuletsa zimenezo, inenso ndimatero ndikatopa. Koma yankho limene ndimapereka ndi lomwelomwelo tsiku lililonse, ndiye ndati ndililembe kamodzi, wondifunsa ndizingomulozera pano.

Chimene chimapusitsa anthu n'chakuti makinawa amalemba Chichewa chosalala. Akanakhala kuti amatulutsa zopanda mutu, bwenzi aliyense akuona yekha. Koma chiganizo chimatuluka chomveka, chokoma m'khutu, pamene kachidutswa kamodzi kagwa panjira, ndipo kachidutswako n'komwe kananyamula nkhani yonse. Choncho funso lakuti "kodi chikumveka bwino?" silithandiza. Funso lothandiza ndi lakuti: munthu akawerenga Chichewachi n'kuchita zimene chikunena, achita zomwe mwini kalata amafuna?

Ndikuonetsani ndi uthenga umodzi umene unatipweteketsa mutu mwezi wa Juni, nthawi yokolola. Wogula wina wa ku Lilongwe analemba chonchi Lolemba madzulo:

```
We will not collect the rice until the moisture is below 14%.
Bring 120 bags of 50 kg to the store by Friday morning.
Do not mill it.
The chair should sign unless she is away,
in which case the treasurer may sign.
```

Mwana wa mchemwali wanga, amene amatisungira foni ya kalabu, anaumasulitsa n'kutumiza izi kwa anthu onse:

"Tidzatenga mpunga mpaka chinyezi chitakhala pansi pa 14%. Bweretsani matumba 120 a 50 kg ku sitolo pofika Lachisanu mawa. Musagaye. Mpando asaine pokhapokha ngati palibe, pamenepo msungichuma akhoza kusaina."

Lachiwiri dzuwa lisanatuluke, ngolo ziwiri zinali zitaima kale pakhomo pa nyumba yosungiramo katundu, ng'ombe zikutulutsa nthunzi m'mphuno ndi kuzizira kwa mwera, mlonda atafunda chitenje akukana kutsekula. Njinga ina ya kabaza inali itapita ndi matumba awiri ku golosale ya pa msewu, poti uthenga unati ku sitolo. Mpunga wa pa ngolo unali womweta Loweruka, ukauluma umaphwanyika ngati chinangwa chachiwisi. Unabwerera, ndipo ndalama ya ngolo inalipidwa kawiri. Mnyamata uja anangoti, "Amalume, koma Chichewa chake chinali chomveka." Zoona, chinali chomveka. Tiyeni tiuyende uthengawu mwa dongosolo limene ndimatsata.

1. Musataye Chingerezi chija, ndipo gawani uthenga chiganizo chimodzichimodzi.

Anthu ambiri akangoona Chichewa amaiwala kumene chachokera. Simungagwire cholakwa mulibe choyerekezera. Lembani Chingerezicho pa pepala kapena chisiyeni chotsekula, muziyang'ana uku ndi uku. Kenako werengani ziganizo. Ngati Chingerezi chili ndi ziganizo zinayi, Chichewa chikhalenso ndi mfundo zinayi. Makina akapatsidwa ndime yaitali nthawi zina amameza kachigawo kena osasiya chizindikiro chilichonse, makamaka kamene kali pakati pa mipumiro iwiri kapena kumapeto kwenikweni. Uthenga ukakhala wautali, umasulitseni chiganizo chimodzi pa nthawi. N'zochedwetsa, koma chosowa chimaoneka msanga.

2. Yambani ndi manambala, masiku ndi mayina.

Ndimayambira apa chifukwa ngakhale amene analekezera sukulu Sitandade 5 angathe. Ikani chala pa nambala iliyonse ya m'Chingerezi, muipeze m'Chichewa: 14, 120, 50. Mu uthenga wathu zonse zinadutsa bwino. Musalekere pa nambala yokha, onaninso chimene ikuwerenga. Matumba 120 a makilogalamu 50 ndi makilogalamu 6,000, kapena kuti matani 6, ndipo ngati penapake m'kalatamo patchulidwa matani, chitani samuyo muone ngati zikugwirizana. Ekala ndi hekitala asasinthane malo, chifukwa hekitala imodzi ndi pafupifupi maekala awiri ndi theka, ndipo wolakwitsa pamenepo athira feteleza wochepa kapena wochuluka kuposa kawiri. Pa ndalama werengani maziro ndi chala.

Deti lolembedwa ngati 03/04 ndi msampha. Kwa ife ndi pa 3 Epulo, koma kwa Mmereka ndi pa 4 Malichi, ndipo makina akalilemba m'mawu angasankhe njira iliyonse. Funsani mwini kalata, osati foni.

Ndiye pali mawa ndi m'mawa. `morning` ndi m'mawa, `tomorrow` ndi mawa, kusiyana kwake ndi kachilembo kamodzi ndi kachizindikiro kamene ifenso pa foni timakasiya. "Lachisanu mawa" litafika Lolemba usiku, ena anagwira mawu akuti Lachisanu, ena anagwira mawa. A ngolo aja anagwira mawa. Mukaona mawu awiri a nthawi akutsutsana m'chiganizo chimodzi, dziwani kuti limodzi ndi lobwera.

Mayina a anthu ndi malo atuluke monga analowera. Mayina athu ambiri ndi mawu wamba: Chisomo, Mavuto, Chimwemwe, Madalitso. Pomasulira kupita ku Chingerezi, "Mavuto afika Lachitatu" akhoza kutuluka ngati chenjezo la tsoka, pomwe inu mumanena dalaivala.

3. Werengani kukana.

Fufuzani m'Chingerezi timawu iti: `not`, `no`, `never`, `without`, ndi chilichonse chothera ndi `n't`, monga `don't`, `can't`, `won't`. Werengani kuti tilipo tingati. Mu uthenga wathu tilipo tiwiri, `will not collect` ndi `Do not mill`. Tsopano pitani ku Chichewa. Ife kukana sitikuika padera, timakulowetsa m'kati mwa mneni: si- koyambirira, monga sitibwera, sanalipire, kapena -sa- pakati, monga musabwere, osalipira, kapenanso mawu monga palibe ndi popanda. Pa "Musagaye" kukana kulipo. Pa "Tidzatenga" kulibe. Awiri kuno, mmodzi uko: imani pomwepo.

"Sitidzatenga" ndi "tidzatenga" amasiyana ndi zilembo ziwiri zokha, ndipo diso lothamanga silizifuna. Taonani chimene chinachitika zitagwa. Wogula amati sabwera mpunga usanaume. Chichewa chinati azitenga mpunga mpaka tsiku limene udzaume, ngati kuti wauwisi ndiye akuufuna. Mpunga wongomweta umakhala ndi chinyezi chopitirira 20%, ndipo kuti usungike osachita nkhungu umafunika kuyanikidwa kufika cha pa 14%. Mlimi aliyense amadziwa zimenezi ndi mano ake. Koma uthenga wochokera ku foni, wa manambala, anthu amaupatsa ulemu woposa mano awo.

Chenjerani: nthawi zina kuchuluka kwa kukana kumasiyana koma tanthauzo lili bwino, monga `not allowed` kutuluka "n'koletsedwa". Kuwerengaku sikugamula mlandu, kumangokuuzani poti muime.

4. Timawu ta malire: apa ndiye pagona nkhani.

Gawo ili ndi limene anthu amalidumpha, ngakhale odziwa Chingerezi, chifukwa palibe liwu looneka lolakwika. Kalata ya malonda simangonena choti chichitike. Imanenanso kuti chichitike liti, ndipo chisachitike zikatere. Malire amenewo amakhala pa timawu tating'ono: `unless`, `until`, `by`, `only if`, `before`, `may`, `must`. Mukakapeza kamodzi mwa timeneti, lekani kuwerenga ngati nkhani, yambani kufunsa mafunso.

Titenge `unless`. Pafupifupi nthawi zonse makina amatulutsa "pokhapokha ngati", ndipo nthawi zina amalondola. Tamverani ziganizo ziwiri izi za kwathu konkuno:

"Sindipita ku Dwangwa pokhapokha mutandipatsa ya minibasi."
"Ndipita ku Dwangwa pokhapokha mutandipatsa ya minibasi."

China chikukana, china chikuvomera, koma funsani aliyense pa depoti, akuuzani kuti zikunena chimodzi: ndalama ikapezeka ulendo ulipo, ikasowa palibe. "Pokhapokha" wathu amakokera ku mbali imodzi, amaloza khomo lokhalo lolowera. `unless` satero. Iye amaloza chinthu chimene chingalepheretse. Ndiye chiganizo chikayamba ndi kukana, awiriwa amagwirizana: `We will not pay unless you sign` ndi "Sitilipira pokhapokha mutasaina", palibe vuto. Koma chikayamba ndi kuvomera, amayang'ana kosiyana. `We will come on Monday unless it rains` chikunena kuti tibwera Lolemba, mvula ndiye ingatiletse. Makina akalemba "Tibwera Lolemba pokhapokha ngati kugwa mvula", ambiri amva kuti mvula ndiye itibweretse. Alipo amene angamve molondola, chifukwa pakamwa ena amagwiritsa "pokhapokha" m'njira zonse ziwiri, mawu akatsika pang'ono n'kupumira. Koma pa foni palibe kutsika kwa mawu. Chiganizo chimene anthu khumi angachimve pawiri sichoyenera kutumizidwa.

Bwererani ku uthenga wathu: "asaine pokhapokha ngati palibe". Munthu asaine bwanji iye palibe? Apa mwayi wake ndi wakuti zinatuluka zopusa, zooneka. Pa chiganizo cha mvula chija sizioneka, chifukwa mbali zonse ziwiri n'zotheka.

Njira imene ndimaphunzitsa ndi iyi. Chiganizo chilichonse cha malire chithyoleni pawiri, mufunse mafunso awiri ku Chingerezi ndi ku Chichewa komwe: zikatere, chichitike n'chiyani? Zikapanda kutero, chichitike n'chiyani? A wapampando akakhalapo, asaina ndani? Akachokapo, asaina ndani? Mayankho a mbali ziwirizo akafanana, dutsani. Akasiyana, kapena mukayamba kukanda mutu, chotsani "pokhapokha" n'kulemba ziganizo ziwiri zachidule: "Asaine ndi a wapampando. Ngati achokapo, asaine msungichuma." N'zosakometsera, koma palibe angasochere. Mukakhala kuti Chingerezi chanu n'chochepa, yesani njira iyi: paliponse pali `unless`, fufutani n'kulemba `but not if`, kenako mumasulitsenso. Kawirikawiri Chichewa chake chimatuluka chowongoka.

`until` amayenda ndi kukana kwake ngati ng'ombe ziwiri pa goli. `not ... until` ndi kudikira: palibe chichitike chinthu china chisanachitike. `until` yekha ndi kupitiriza mpaka polekezera. Imodzi ikamasuka pa goli, ngolo imatembenuka, monga taonera pamwambapa. Ine ndikamakonza ndimasiya "mpaka" n'kugwiritsa -sana-: "Sititenga mpunga usanaume."

Koma -sana- nayenso ali ndi mnzake womufanana nkhope. "Sanalipire" ndi kuti ndalama sinaperekedwe. "Asanalipire" ndi nthawi, kutsogolo kwa kulipira. Kusiyana kwake ndi "a" mmodzi. "Tisanapunthe" ndi "sitinapunthe" chimodzimodzi. Mukaona `before` m'Chingerezi, fufuzani a-sana-, ti-sana-, mu-sana-. Mukaona `did not`, fufuzani sana-, sitina-, simuna-. Pamene zasinthana, chiganizo chimakhalabe Chichewa chabwinobwino, n'chifukwa chake muyenera kuchita kuzifuna dala.

`by Friday` si `on Friday`. Woyamba ndi malire: bweretsani tsiku lililonse, bola Lachisanu lisadutse. Wachiwiri ndi tsiku lenilenilo. "Pofika Lachisanu" n'kolondola, koma ndaona anthu akumva ngati akuti mudikire Lachisanu lifike. Ngati wogula akufuna kuti katundu akhale atafika kale, nenani choncho: "akhale atafika". Ndipo `below 14%` ndi chosafika 14, osati 14 yeniyeniyo. Ogula ena amakakamira pamenepo ndi kachipangizo kawo koyezera.

`may` ali ndi nkhope zitatu: chilolezo, mwina, ndi mwezi wa Meyi. Mu uthenga wathu ndi chilolezo, ndipo "akhoza kusaina" n'kolondola. Chimene muyenera kuyang'ana n'chakuti mphamvu ya lamulo isakwere kapena kutsika. `must` ndi "ayenera", palibe kuchitira mwina. `may` akasanduka "ayenera", mwakakamiza munthu chimene anangololedwa. `must` akasanduka "akhoza", mwamasula munthu pa chimene anamangidwa nacho, ndipo adzadziwira pa tsiku lodula chindapusa.

5. Mawu a ntchito, ndi mawu a matanthauzo awiri.

Izi n'zosavuta kugwira, chifukwa nthawi zambiri zimaseketsa. `chair` inasanduka mpando wokhalira m'malo mwa wapampando. `store` inasanduka sitolo, pomwe wogula amanena nyumba yosungiramo katundu. `mill` inasanduka kugaya, koma ndani amagaya mpunga ngati chimanga? Ife timati kupuntha, ndipo pa malonda pali mpunga wopuntha ndi wosapuntha, mitengo yakenso yosiyana. "Musagaye" anthu anangoidutsa poganiza kuti siikuwakhudza, ndipo akanapezeka wina wopita nawo ku makina opunthira sitikanamudzudzula.

Lamulo lake ndi lakuti liwu lililonse limene mlimi, msodzi kapena wamalonda sanganene pa ntchito imeneyo, likayikireni. Makinawa saona mpunga, sanafikepo ku Bua. Anaphunzira poyerekeza milu ya zolembedwa za m'Chingerezi ndi zomasulira zake, ndipo amasankha liwu limene linkabwera kawirikawiri pamalo ngati amenewo. Chichewa chinalowa mu Google Translate mu 2014, ndipo lero mapulogalamu omasulira alipo angapo, koma onse amakumana ndi vuto limodzi: zolembedwa za m'Chichewa zimene zili ndi Chingerezi chake pambali n'zochepa, ndipo gawo lalikulu ndi zachipembedzo. N'chifukwa chake chiganizo cha za chikhulupiriro chimatuluka chowongoka, koma cha ngongole ya feteleza chimatsimphina, ndipo nthawi zina kalata ya malonda imamveka ngati ulaliki. Muonanso mawu ndi kalembedwe ka Chinyanja cha ku Zambia. Zimenezo si zoopsa, bola tanthauzo lili lomwelo. Musataye nthawi kuzikonza pamene "si-" wagwa pena.

6. Ndani akulankhula ndi ndani, ndipo mwaulemu wanji.

`you` ndi mmodzi kwa mfumu ndi kwa mwana, kwa munthu mmodzi ndi kwa khamu. Makina amangosankha. Kalata yopita kwa a gulupu ikatuluka ndi "ubwere" kapena "dzina lako", musaitumize ngakhale zina zonse zili bwino, chifukwa chidzakambidwa pa bwalo ndi mwano wanu, osati uthengawo. Onaninso kuti asasinthe pakati, kuyamba ndi "inu" n'kumaliza ndi "iwe". Ndipo m'chiganizo cha anthu awiri, funsani kuti akupereka ndani, akulandira ndani. "Tikulipirani" ndi "mutilipira" ndi mneni mmodzi, koma thumba lotuluka ndalama n'losiyana.

7. Poyankha, kuchoka ku Chichewa kupita ku Chingerezi.

Uku n'koopsa kuposa, chifukwa chotulukacho ambiri sangachiweruze. Chitetezo chanu chili pa zimene mukulowetsa. Lembani Chichewa cha m'buku, osati cha pa gulu la anzanu: mawu athunthu, m'mawa wokhala ndi kachizindikiro kake, opanda zidule. Ziganizo zikhale zazifupi, chilichonse mfundo imodzi.

Pewani mawu amene ife timawasiyanitsa ndi kamvekedwe kapena ndi nkhani imene ili pakamwa. Mtengo ndi wa m'nkhalango komanso wa pa msika. Kulemera ndi kwa thumba komanso kwa munthu wachuma. Mwezi ndi wa kumwamba komanso wa pa kalendala. Mankhwala ndi a kuchipatala komanso ophera anankafumbwe. M'malo molemba "mtengo wakwera", lembani "mtengo wogulitsira mpunga wakwera", kuti makina apeze pogwira.

Ulemu wathu umawasokoneza. "Amayi abwera Lachinayi" kwa ife ndi munthu mmodzi wolemekezeka, koma Chingerezi chikhoza kutuluka ndi `women` kapena `they`, wogula n'kukonza mipando isanu. Ndiponso Chichewa sichisiyanitsa mwamuna ndi mkazi pa "iye" kapena "a-", ndiye makina amalota: msungichuma amamupatsa `he`, ngakhale wathu ndi mayi. Yang'anani `he`, `she` ndi `they` aliyense, mufunse ngati ndi munthu amene mukumunenayo.

Zining'a zisiyeni kunja. Mayi wina wa m'kalabu mwathu analembera bungwe lina lobwereketsa ndalama kupempha kuti amudikire, chifukwa "bambo a kunyumba atisiya". Chingerezi chinati `left us`, ndipo yankho linabwera lofunsa ngati bamboyo angapezeke pa foni kumene anapitako. Mayiyo anabwera nalo kwa ine atagwira foni ndi manja awiri, osalankhula. Kwa makina lembani mosazungulira: amwalira. N'kowawa kulemba choncho, koma ulemuwo mudzaubwezera pakamwa. Chimodzimodzi "ali ndi pakati", "kutsina khutu", "kupsa mtima".

Mawu a kunyanja kuno ndi a m'mudzi, monga usipa, utaka, kampango, chilimira, mwera, ganyu, katapila, banki m'khonde, musayembekeze kuti awoloka bwino. Ena amasiyidwa momwemo, zomwe zili bwino ngati wolandirayo ndi Mmalawi. Ena amasinthidwa ndi liwu longofanana nawo kalembedwe. Ngati wolandira ndi mlendo, fotokozani chinthucho m'mawu wamba: "ngongole ya chiwongoladzanja chachikulu" m'malo mwa katapila.

8. Kubweza ku Chingerezi sikutsimikiza kanthu. Munthu ndiye amatsimikiza.

Achinyamata amakonda njira iyi: kutenga Chichewa chotulukacho, kuchibwezanso mu makina omwewo, Chingerezi chikafanana ndi choyamba ndiye kuti zatheka. Imathandiza pa chinthu chimodzi: ngati `not` wasowa pobwerera, mwagwira wakuba. Koma zikafanana musakondwe. Makina amene anasandutsa `unless` kukhala "pokhapokha ngati" adzasandutsanso "pokhapokha ngati" kukhala `unless`. "Mpando asaine" akhoza kubwerera bwinobwino ngati `the chair should sign`. Zili ngati kufunsa mboni ngati ikugwirizana ndi zimene yanena yokha.

Chimene ndimachita ine n'kuwerengera munthu amene sanaone Chingerezicho, nthawi zambiri mayi a kunyumba kwanga ali pa mkeka akusankha mpunga. Sindiwafunsa ngati zamveka, chifukwa aliyense amati eya. Ndimawafunsa kuti, "Mutalandira uthengawu, muchita chiyani, liti, ndipo mupita nazo kuti?" Akayankha zosiyana ndi zomwe kalata ikufuna, cholakwa chili mu uthenga, osati mwa iwo. Akafunsa kuti "akutanthauza chiyani pamenepo?", pamenepo ndiye pofunika kulembanso.

Pali makalata ena amene masitepe onsewa sakwanira: kamwedwe ka mankhwala a kuchipatala, kasakanizidwe ka mankhwala a m'munda, pangano la ngongole, nkhani za malo, ndi chilichonse cha kukhoti. `three times a day` ndi `every three days` onse ali ndi 3 ndi tsiku m'kati, koma wina ndi katatu pa tsiku, wina ndi kamodzi pa masiku atatu. Zoterezi makina akuthandizeni kungodziwa mutu wa nkhani, kenako pitani nazo kwa adokotala, alangizi, kapena munthu wodziwa zilankhulo zonse ziwiri, pepala lenilenilo lili m'manja.

Ndipo potumiza, tumizani Chichewa ndi Chingerezi chake pamodzi, munenenso kuti mwamasulira ndi foni n'kukonza nokha. Pa gulu sipalephera kukhala wina wodziwa amene angaone chimene chakudutsani.

Uthenga wa mpunga uja, Lachiwiri lomwelo masana, ndinaulembanso n'kuutumiza chonchi:

"Ogula akuti satenga mpunga usanaume. Chinyezi chake chikhale chosafika 14%, ndipo adzayeza. Matumba 120 a makilogalamu 50 akhale atafika ku nyumba yosungiramo katundu, osati ku golosale, Lachisanu lino m'mawa, kutanthauza kum'mawa kwa tsiku la Lachisanu. Amene wauma kale mukhoza kubweretsa Lachitatu kapena Lachinayi. Mpunga ukhale wosapuntha. Asaine ndi mayi wapampando. Ngati iwo achokapo, asaine msungichuma."

Ndi wautali kuposa wa makina, ndipo muli mawu amene wogula sanalembe, monga za golosale ndi za Lachitatu. Ndinawaonjezera dala, chifukwa ndinali nditaona kale kumene anthu anasochera, ndipo ndinamuimbira wogulayo kaye kuti anditsimikizire kuti nyumbayo ikhala yotsekula masiku amenewo. Mpunga wa pa ngolo uja unayanikidwa pa malona masiku atatu, n'kulowa Lachisanu cha m'ma 9 koloko.